Mabokosi anayi ooneka ofanana: div, section, article ndi aside

Mnzanga wina amene amalemba nkhani za ulimi pa intaneti anandipatsa tsamba lake kuti ndilione. Pa sikirini linali losachititsa manyazi. Dzina la webusaiti linali pamwamba, pakati panali nkhani ya kasungidwe ka chimanga m'matumba osalowa mpweya, kudzanja lamanja mndandanda wa nkhani zakale, ndipo kumunsi ndemanga zisanu ndi imodzi za owerenga. Nditatsegula khodi yake ndinawerenga matagi a `section` okwana 23. Iye anali atamva kuti `div` ndi yachikale, ndiye anangoyenda ndi fayilo yonse n'kumasintha `div` iliyonse kukhala `section`. Maonekedwe a tsamba sanasinthe ngakhale pang'ono.

"Ndiye vuto lili pati, achimwene?" anandifunsa. "Si mwaona nokha kuti chilichonse chili m'malo mwake?"

Funso lakelo ndi loyenera kuliyankha mofatsa, chifukwa maso sangathandize pa nkhani imeneyi. Matagi anayiwa, `div`, `section`, `article` ndi `aside`, burauza imawajambula mofanana. Iliyonse ndi bokosi losaoneka lomwe limayamba pa mzere watsopano n'kudzaza m'lifupi monse. Ngakhale `aside`, yomwe ambiri amaiganizira kuti imapita yokha m'mbali, imangokhala pomwe mwailemba mpaka CSS itaisuntha. Kusiyana kwawo kuli kwina. Burauza ikamawerenga tsamba, kuwonjezera pa chithunzi chomwe timaona imakonzanso ndondomeko ina yofotokoza kuti chinthu chilichonse n'chiyani: uwu ndi mutu, iyi ndi linki, ili ndi batani, apa ndi pomwe nkhani yeniyeni yayambira. Ndondomeko imeneyi ndi yomwe imapita ku mapulogalamu owerengera anthu osaona, monga NVDA, JAWS ndi VoiceOver. Tagi yomwe mwasankha ndi mawu omwe mukuuza munthu amene sakuona sikirini. Choncho posankha sitifunsa kuti bokosi lioneka bwanji. Timafunsa kuti zomwe tagiyo ikunena za zili m'katimo ndi zoona kapena ayi.

Tagi ya `div` ndi yakale, inalowa m'malamulo a HTML 3.2 mu 1997. Kwa zaka zambiri ndiyo inali bokosi lokhalo, ndipo olemba masamba ankaipatsa mayina awoawo kudzera mu `class` ndi `id`. Mu 2005 a Google anafufuza masamba oposa biliyoni imodzi kuti aone momwe anthu amalembera, ndipo mayina ngati `footer`, `header` ndi `nav` ankapezeka mobwerezabwereza. Koma dzina la `class` ndi la wolemba yekha, burauza silitengera kanthu. Olemba malamulo a HTML5, omwe mkonzi wawo anali Ian Hickson, anaika matagi enieni a magawo otere, ndipo bungwe la W3C linavomereza HTML5 mu Okutobala 2014. Cholinga sichinali kupha `div`. Chinali kupereka mayina odziwika kwa onse ku magawo ochepa omwe amapezeka pafupifupi pa tsamba lililonse.

Ndimayamba ndi `article` chifukwa ndi yosavuta kuizindikira. Taganizani za pepala la nyuzipepala lomwe akukulungirani tchipisi pamsika. Nthawi zina mumapezapo nkhani yathunthu, ndi mutu wake, dzina la mtolankhani ndi mathero ake, ndipo mumaiwerenga n'kuimvetsa ngakhale nyuzipepala yonseyo simunaione. Nthawi zina mumangopezapo theka la ndime, losadziwika kuti likuchokera kuti. Choyambacho ndi `article`. Malamulo a HTML amati ndi cholembedwa chokwanira pachokha, chomwe chingatengedwe n'kukasindikizidwa kwina osataya tanthauzo. Nkhani ya mnzangayo ya matumba a chimanga inali yotero. Wina akanatha kuikopera yonse n'kuitumiza pa gulu la alimi la WhatsApp, ndipo aliyense akanaimva. Ndiye bokosi lomwe linali ndi mutu, tsiku, ndime zonse ndi dzina la wolemba tinalisandutsa `article`.

```html
<article>
  <header>
    <h1>Kusunga chimanga m'matumba osalowa mpweya</h1>
    <p><time datetime="2024-06-10">10 Juni 2024</time></p>
  </header>
  <p>Chimanga chikauma bwino ...</p>
  <h2>Kumanga thumba</h2>
  <p>...</p>
</article>
```

Pali anthu amene amasokoneza `article` ndi `main`, poganiza kuti tsamba likakhala ndi nkhani imodzi yokha ndiye tagi imodzi yakwana. Ntchito zawo n'zosiyana. `main` imanena kuti apa ndi pomwe pali chomwe munthu wabwerera pa tsamba lino, ndipo iyenera kuoneka imodzi yokha pa tsamba. Ndi yomwe imalola munthu wosaona kulumpha mndandanda wa malinki wa pamwamba n'kufikira pa nkhani. `article` imanena kuti ichi n'chinthu chathunthu, ndipo zingakhalepo zambiri. Pa tsamba loyamba la webusaiti, pomwe pamakhala mitu ya nkhani khumi ndi ndime yoyamba ya iliyonse, `main` ndi imodzi, koma `article` zingakhale khumi m'kati mwake. Kungoti ngati chilipo ndi mutu wokha wokhala ndi linki, popanda ndime kapena tsiku, ine ndimaona kuti umenewo ndi mndandanda chabe, woyenera `ul` ndi `li`.

Tsopano `section`, yomwe ndi gwero la mavuto ambiri. Dzina lake limanyenga, chifukwa kwa munthu wokonza maonekedwe chilichonse chimaoneka ngati gawo: gawo la pamwamba, gawo lobiriwira, gawo la zithunzi. Malamulo akunena za gawo la mtundu wina, lomwe zili m'kati mwake zikukamba mutu umodzi, ngati chaputala cha buku. Amanenanso poyera kuti `section` si bokosi longoikamo chilichonse, ndipo kuti bokosi likamafunika chifukwa cha maonekedwe kapena JavaScript, pamenepo mpa `div`. Muyeso womwe ine ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: tsambali likanakhala buku, kodi gawo ili likanalembedwa pa tsamba la zam'katimu? Ngati likanalembedwa, lili ndi dzina, ndipo dzinalo ndi mutu wake wa `h2` kapena `h3`. Mukakhala pansi n'kulephera kulipezera mutu womveka, ndiye kuti si `section`.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti `section` yopanda dzina siuza kanthu mapulogalamu owerengera. Pa ndondomeko ija ya burauza imangokhala ngati `div`. Imayamba kumveka pokhapokha mwaipatsa dzina ndi `aria-label` kapena `aria-labelledby`, ndipo pamenepo imalandira udindo wotchedwa `region`, n'kulowa m'gulu la malo omwe munthu angalumphireko ndi batani limodzi. Malo amenewa ndi ngati zikwangwani za pamsewu. Mu NVDA munthu amadina `D` kuti apite pa chikwangwani chotsatira, monga momwe amadinira `H` kuti apite pa mutu wotsatira. Kungoika `h2` m'kati mwa `section` sikuipatsa dzina lotere. Muyenera kulumikiza ziwirizi nokha, ndipo ndi zomwe tinachita ku gawo la ndemanga.

```html
<section aria-labelledby="ndemanga">
  <h2 id="ndemanga">Ndemanga za owerenga</h2>
  <article>...</article>
  <article>...</article>
</section>
```

Apa mnzanga uja anafuna kuti apite n'kukapatsa mayina onse 23 aja. Ndinamuletsa. Zikwangwani zimathandiza zikakhala zochepa. Msewu wokhala ndi chikwangwani pa mtengo uliwonse umasocheretsa kuposa wopanda chikwangwani, ndipo munthu woti adine `D` kokwana 23 asanafike pomwe akufuna amangosiya. Gawo la ndemanga linayenera dzina chifukwa ndi malo omwe wowerenga angafune kupitako mwachindunji, kapena kuwadziwa kuti awalambalale. Timagawo tinayi ta m'kati mwa nkhani, ta kuumitsa chimanga, kupeta, kumanga thumba ndi kuika pamalo abwino, sitinkafunika zimenezo. Kalikonse kanali ndi `h2` yake, ndipo mituyo payokha imagawa kale nkhani. Kukutira kagawo kalikonse mu `section` sikulakwa, ndipo kumathandiza ngati mukufuna malire omveka oti CSS kapena JavaScript igwirepo. Koma pa nkhani wamba ya ndime zotsatizana sikuwonjezera chilichonse chomwe wowerenga angamve. Tinangochotsa matagi onse anayi a `section`.

Wina angati, ngati `section` yopanda dzina ili ngati `div`, ndiye mnzanguyo sanawononge kanthu. Anawononga, ndipo ndi apa pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Matagi a `header` ndi `footer` amasintha tanthauzo malinga ndi bokosi lomwe alimo. `header` yomwe sili m'kati mwa `article`, `section`, `aside`, `nav` kapena `main` imatengedwa kuti ndi mutu wa tsamba lonse, ndipo imalandira udindo wa `banner`. `footer` yotero imalandira `contentinfo`. Zonse ziwiri ndi zikwangwani. Koma zikangolowa m'kati mwa imodzi mwa matagi asanu aja, burauza imati izi ndi za gawo lokhalo, si za tsamba lonse, ndipo zimachoka pa mndandanda wa zikwangwani. Zimenezi zinakonzedwa dala, ndipo n'zanzeru, chifukwa ndi zomwe zimalola nkhani iliyonse kukhala ndi `header` yakeyake osasokoneza tsamba.

Tsamba la mnzangayo linali ndi bokosi limodzi lalikulu lokuta zonse, loti zinthu zikhale pakati pa sikirini ndipo zisatambasuke kupitirira mapikiselo 1100. Poyamba linali `div`, ndipo `div` ilibe mphamvu yosintha `header` kapena `footer`. Atalisandutsa `section`, mutu ndi phazi la tsamba lonse zinatsekeredwa m'kati mwake n'kutaya maudindo awo. Ndinamuyatsira NVDA, yomwe ndi yaulere, ndipo tinadina `Insert+F7` kuti tione mndandanda wa zinthu za pa tsamba. Pansi pa zikwangwani panalibe `banner`, panalibe `contentinfo`, ndipo `main` inali isanakhalepo n'kale. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kuti ndimati ndikukonza, koma ndinkafafaniza?" Tinabwezera `div` pamalo pake, ndipo mafupa a tsamba anakhala chonchi:

```html
<div class="chikuta">
  <header>... <nav>...</nav></header>
  <main>
    <article>...</article>
  </main>
  <aside aria-label="Nkhani zakale">...</aside>
  <footer>...</footer>
</div>
```

Vuto lina la `section` limakhudza mitu, ndipo lidakalipo m'maphunziro ambiri akale omwe anthu akuwerengabe. HTML5 itangobwera panali ganizo lakuti wolemba azingogwiritsa ntchito `h1` paliponse, ndipo burauza izidziwa yokha kuti `h1` ya m'kati mwa `section` ndi mutu waung'ono, ya m'kati mwa `section` ziwiri ndi wocheperapo. Ganizoli linalembedwa m'malamulo, koma palibe burauza yomwe inalitsatira pouza mapulogalamu owerengera msinkhu wa mutu. Chomwe maburauza anachita n'kungochepetsa kukula kwa zilembo za `h1` yotero, ndiye wolemba ankaona ngati zikuyenda pomwe munthu wosaona ankamva mitu yonse ili pa msinkhu woyamba. Mu 2022 bungwe la WHATWG, lomwe limasamala malamulo a HTML masiku ano, linachotsa ganizoli, ndipo mu 2025 maburauza anayamba kuchotsa ngakhale kuchepetsa zilembo kuja. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti bokosi silisintha msinkhu wa mutu. Mutu wa nkhani ukakhala `h1`, timagawo take ndi `h2`, kaya tili mu `section`, mu `div`, kapena popanda bokosi lililonse.

Ndemanga za owerenga zimafuna kuziganizira pang'ono. Malamulo a HTML amazitchula ngati chitsanzo cha `article`, ndipo amati `article` yomwe ili m'kati mwa inzake imasonyeza kuti ikukhudzana ndi yakunjayo. N'chifukwa chake gawo lonse la ndemanga tinaliika m'kati mwa `article` ya nkhani, cha kumapeto. Ena amatsutsa, ndipo mfundo yawo ndi yomveka: ndemanga yoti "Zikomo, ndayesa zatheka" ingaime bwanji payokha? Ine ndimaona kuti chomwe chimaipanga kukhala chinthu chapadera si kutalika kwake. Ili ndi wolemba wake amene si mwini nkhani, ili ndi tsiku lake, ndipo wowerenga ayenera kudziwa bwinobwino pomwe mawu a munthu uyu athera ndi pomwe a wina ayambira. Pa nkhani ya kasungidwe ka chakudya malire amenewa ndi ofunika, chifukwa malangizo olakwika a m'ndemanga sayenera kumveka ngati a wolemba. Amene amasankha `ol` ndi `li` m'malo mwake sindimawatsutsa, makamaka ndemanga zikakhala zambirimbiri, chifukwa pulogalamu yowerengera imanena kuchuluka kwa zinthu za pa mndandanda munthu akangolowamo.

Tifike pa `aside`. Tagi imeneyi ndi ya zinthu zomwe zikukhudzana ndi zomwe zazungulira, koma mwapatalipatali, zoti zitachotsedwa nkhani ingatsale yathunthu. Mawu oti "zomwe zazungulira" ndi ofunika, chifukwa tanthauzo la `aside` limadalira pomwe mwaiika. Ikakhala kunja kwa `article`, ikukhudzana ndi tsamba lonse: mndandanda wa nkhani zakale, malonda, malinki a mawebusaiti ena. Pamenepo imalandira udindo wa `complementary`, ndipo ndi chikwangwani. Ikakhala m'kati mwa `article`, ikukhudzana ndi nkhani yokhayo, ndipo malamulo amakono amati ikhale chikwangwani pokhapokha yapatsidwa dzina. Maburauza sanayambe kutsatira lamulo lachiwirili nthawi imodzi, choncho ndi bwino kuyesa pa oposa imodzi.

Mnzangayo anali ndi `aside` imodzi yokha pa tsamba lonse, ndipo anaiika pamalo oopsa kwambiri. Pakati pa nkhani panali bokosi lachikasu la chenjezo: musaike chimanga chosauma bwino m'thumba losalowa mpweya, chifukwa chinyezi chimatsekeredwa momwemo ndipo chimanga chimawonongeka. Popeza bokosilo linkaoneka losiyana ndi ndime zina, iye anaganiza kuti ndi `aside`. Koma tayesani muyeso wa `aside` uja. Chotsani chenjezolo, kodi nkhani yatsala yathunthu? Ayi. Yatsala nkhani yomwe ingatayitse munthu zokolola za chaka chonse. Chenjezolo ndi mtima wa nkhaniyo, ngakhale lili ndi mtundu wina.

Izi si zongoganizira. Burauza ya Firefox ili ndi njira yowerengera nkhani yokha popanda zokongoletsa, yomwe pa Windows imayatsidwa ndi `F9`. Imagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Readability, yomwe khodi yake ili poyera, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kuchotsa matagi a `aside` m'nkhani. Tinadina `F9` pa tsamba lija. Nkhani inabwera yoyera bwino, mitu yonse inayi ili m'malo, koma chenjezo kulibe. Munthu wowerenga mwa njira imeneyi akanaphunzira kumanga thumba osamva n'komwe za kuopsa koikamo chimanga chosauma bwino. Pulogalamuyo sinalakwe. Inakhulupirira zomwe tagi inanena, kuti ichi n'chapambali. Tinalilembanso chonchi, CSS yachikasu ija n'kukhala momwe inalili:

```html
<p class="chenjezo">
  <strong>Chenjezo:</strong> musaike chimanga
  chosauma bwino m'thumba losalowa mpweya.
</p>
```

Taonani kuti apa sitinagwiritse ntchito iliyonse mwa matagi anayi aja. Chenjezolo ndi ndime imodzi, ndiye `p` yakwana. Likanakhala la ndime ziwiri kapena zitatu zofuna mpanda umodzi, tikanazikuta ndi `div`. Kawirikawiri yankho la funso loti "section kapena div?" limakhala tagi ina yomwe munthu waiiwala: `figure` ya chithunzi ndi mawu ake, `blockquote` ya mawu a munthu wina, `nav` ya malinki oyendera webusaiti, `ul` ya mndandanda.

Chosangalatsa n'chakuti m'nkhani yomweyo munali ndime yomwe inali `aside` yeniyeni, koma iye anailemba ngati ndime wamba. Inkafotokoza kuti matumba otchedwa PICS anatulukira ku yunivesite ya Purdue ku America, kuti poyamba anapangidwira kusunga khobwe, ndipo kenako anayamba kugwiritsidwa ntchito pa mbewu zina. Ndi nkhani yokoma kuidziwa, koma mlimi amene sanaiwerenge adzamangabe thumba lake bwinobwino. Imeneyo ndiyo tinaiika mu `aside`, ndi mutu wake waung'ono. Mawu okopa omwe amagazini amakonda kuwabwereza m'zilembo zikuluzikulu pakati pa nkhani nawonso ndi a `aside`, chifukwa ali kale m'ndime ina. Koma kachiganizo kongodutsa, ka mtundu womwe polemba timakaika m'mabulaketi, ndi mbali ya nkhani ndipo kakhale momwemo.

Za `div` palibe zambiri zonena, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Siuza aliyense kanthu. Malamulo amailongosola ngati tagi yoti tiigwiritse ntchito pomwe palibe ina yoyenera, ndipo anthu ena amamva mawu amenewa ngati chitonzo. Ine ndimawamva ngati kulongosola ntchito yake. Tsamba lililonse lili ndi mabokosi omwe alipo chifukwa cha maonekedwe okha: loika zinthu pakati, logawa mizati iwiri ndi `display: grid`, loti tebulo lalikulu lizitha kusunthidwa cham'mbali pa foni. Mabokosi amenewa alibe uthenga kwa wowerenga, ndipo tagi yoona kwa iwo ndi yomwe imakhala chete. Pomwe `div` imalakwika ndi pamene yaikidwa m'malo mwa chinthu chomwe chili ndi tagi yake, monga `div` yokongoletsedwa kuti ioneke ngati mutu kapena batani. Munthu wodina `H` sadzaupeza mutu wotero, ndipo wogwiritsa ntchito kiyibodi yokha sadzafika pa batanilo ndi `Tab`.

Titamaliza tinawerenganso. Mwa `section` 23 zija, imodzi yokha ndi yomwe inatsala, ya ndemanga. Imodzi inakhala `main`, ina `nav`, ina `aside` ya nkhani zakale. Zisanu ndi ziwiri zinakhala `article`, ndiye kuti nkhani yeniyeni ndi ndemanga zisanu ndi imodzi. Zinayi tinazichotseratu. Zisanu ndi zitatu zinabwerera kukhala `div`, kuphatikizapo bokosi lalikulu lija. Titadinanso `Insert+F7`, zikwangwani zinali zisanu ndi chimodzi: `banner`, `navigation`, `main`, gawo la ndemanga ndi dzina lake, `complementary` ya nkhani zakale, ndi `contentinfo`. Munthu angamve mndandanda wotere kamodzi n'kudziwa mmene tsamba lilili.

Kuyesa zimenezi sikulira ndalama. Chida choyesera HTML cha W3C, pa `validator.w3.org/nu`, chimachenjeza ndi mawu oti `Section lacks heading` chikapeza `section` yopanda mutu, ndipo pa tsamba la mnzangayo machenjezo oterowo anali ambirimbiri. Chenjezoli musalithetse mwa kupeka mutu woti mungoubisa ndi CSS. Nthawi zambiri likukuuzani kuti bokosilo ndi `div`. Chidachi chimachenjezanso za `article` yopanda mutu, ndipo pa ndemanga za owerenga ine ndimalola chenjezo limenelo kukhalapo, chifukwa ndi chenjezo chabe, si cholakwa. Koma chida sichingadziwe kuti chenjezo la chimanga si lapambali. Chimaona matagi, sichimva nkhani. Kuti muone zomwe burauza yamva, tsegulani zida za okonza masamba ndi `F12`. Mu Firefox muli gawo lolembedwa `Accessibility` lomwe limasonyeza udindo ndi dzina la bokosi lililonse, ndipo Chrome ili ndi lofanana nalo. Mukatero zimitsani CSS yonse n'kuwerenga tsamba kuyambira pamwamba mpaka pansi, chifukwa dongosolo lomwe mukuonalo ndi lomwe munthu womvetsera amalandira.

Panatsala mabokosi awiri omwe anali m'gulu la `div` zija, ndipo tinakambirana nthawi yaitali. Loyamba linali la mbiri ya wolemba, chithunzi ndi mizere itatu kumapeto kwa nkhani. Iye ankati ndi `aside`, popeza nkhani ingaime popanda mbiriyo. Ndi zoona, koma pali tagi yomwe malamulo amaitchula mwachindunji pa zinthu monga amene analemba gawolo, ndiyo `footer`. Popeza ili m'kati mwa `article`, ndi phazi la nkhaniyo basi, ndipo silimbana ndi `contentinfo` ya tsamba lonse. Anavomera.

Lachiwiri sitinagwirizane. Pansi pa nkhani panali malinki atatu a nkhani zina zofanana nayo: ya anankafumbwe, ya kuyanika chimanga pa lona, ndi ya kasungidwe ka nyemba. Ine ndinkati ndi `aside` ya m'kati mwa `article`, chifukwa zikukhudzana ndi nkhani iyi yokha ndipo zingachotsedwe osaiwononga. Iye anati nkhani ya kuyanika si yapambali ayi, kwa iye ndi sitepe yoyamba yomwe wowerenga ayenera kudutsa asanagule thumba. Titayang'anitsitsa tinapeza kuti tonse tinali ndi mbali ya choonadi, kungoti malinki atatuwo sanali a mtundu umodzi. Linki ya kuyanika anaichotsa m'bokosimo n'kuilowetsa m'ndime yoyamba ya nkhani, m'chiganizo chomwe chimauza wowerenga kuti ayambe waumitsa chimanga. Ziwiri zotsalazo zinakhala mu `aside`, pansi pa mutu woti "Werenganinso".